Mphindi 14 za kabokosi kakuda pansi pa tebulo

Ntchito yanga ndimagwirira kunyumba, ku Area 25 mu mzinda wa Lilongwe, m'kachipinda kamene kale kanali kosungiramo matumba a chimanga. Ndimalembera anthu makalata, ndimasunga mabuku a ndalama a magulu awiri a alimi, ndipo nyengo ya mayeso ndimasindikiza mapepala a sukulu zingapo zapafupi. M'kachipindamo muli kompyuta ya pa desiki, sikirini yake, rauta ya intaneti ndi pulinta ya leza, ija yogwiritsa ntchito inki ya ufa.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mphamvu yokwana pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi. Aliyense amene anali pa magetsi chaka chimenecho akukumbukira mmene zinalili. Koma ine tsiku limene ndinavulala, magetsi anangophethira kamodzi, mwina theka la sekondi, moti babu la pabalaza linabwerera mayi a kunyumba asanadzutse n'komwe mutu pa ndiwo zimene ankasadzula. Kompyuta inazima n'kuyakanso yokha. Nthawi imeneyo n'kuti nditangodina kuti fayilo ya ndalama za gulu lina isungike. Nditayesa kuitsegula, inakana. Inali italembedwa theka, theka lina n'kutsalira m'malere. Kope lina limene ndinali nalo linali la masiku atatu m'mbuyo, ndipo ndinakhala mausiku awiri ndikulowetsanso malisiti limodzilimodzi, tcheyamani wa gulu akuimba foni m'mawa uliwonse.

Loweruka lake ndinakagula UPS. Ndi kabokosi kakuda, kolemera kuposa mmene kamaonekera, kamene kamakhala pakati pa soketi ya pakhoma ndi kompyuta. M'kati mwake muli batire, tchaja ya batirelo, ndi kainveta kamene kamasandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a mavoti 230 onga a pakhoma. Magetsi akathima, iko kamasinthira ku batire mofulumira kwambiri, nthawi yosapitirira magawo 10 mwa magawo 1,000 a sekondi imodzi. Kompyuta payokha imatha kupirira kanthawi kotalikirapo pang'ono kuposa pamenepo, pafupifupi magawo 16, chifukwa cha timphamvu timene timatsalira m'bokosi lake la magetsi. Ndiye kabokosi kamalowerera kompyuta isanadziwe kuti kunja kwada. Mphindi imene ndinaona izi koyamba, nyumba yonse ili bii, sikirini yokha ikuwala ndipo kabokosi kakulira pang'onopang'ono, mtima wanga unakhala pansi.

Pomwepo ndipo ndinayamba kulakwitsa. Ndinkaganiza kuti ndagula magetsi osungira, oti ndizigwirabe ntchito anzanga ali mumdima.

Pa katoni panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti 650VA, ndipo pansi pake ndi tizilembo ting'onoting'ono 360W. Nambala yofunika ndi yaing'onoyo. Mawati 360 ndiwo katundu wolemera kwambiri amene kabokosiko kangasenze nthawi imodzi, koma nambala zonse ziwirizi sizinena kanthu za kutalika kwa nthawi imene kadzamusenze. Nthawi imachokera ku batire, ndipo batire la m'kabokosi ka msinkhu uwu nthawi zambiri limakhala limodzi lokha, lolembedwa 12V 7Ah. Mukachulukitsa 12 ndi 7 mupeza 84. Tanthauzo lake n'lakuti papepala batirelo lingapereke mawati 84 kwa ola limodzi. Kompyuta yanga ikamagwira ntchito za masiku onse imakoka mawati pafupifupi 80, sikirini 25, rauta 10. Tingoti zonse pamodzi 120. Kugawa 84 ndi 120 kumapereka mphindi 42. Ndinawerengera zimenezi kuseri kwa envelopu ndipo ndinakhutira.

Nditayesa ndi wotchi, batire lili latsopano komanso lodzaza, kabokosi kanazima patatha mphindi 14.

Ndinkafuna kukabweza kusitolo, koma mnzanga wina amene amakonza mawailesi ndi mainveta anandikhazika pansi. Anati, "Achimwene, palibe wakuberani. Batire limeneli lili ngati chitsime cha m'dambo. Mukamatunga ndi kapu, madzi amabwereramo ndipo mutunga tsiku lonse. Mukabwera ndi pampu, chiphwa msanga, madzi ena akadali mumchenga." Anandifotokozera kuti 7Ah ija opanga mabatire amaiyeza potulutsa mphamvu pang'onopang'ono kwa maola 20, kutanthauza 7 kugawa ndi 20, maampu 0.35 okha, ampu pokhala muyezo wa kuchuluka kwa magetsi amene akutuluka m'batire. Ine ndi mawati anga 120 ndinkakoka maampu 10, ndipo tikaonjeza mphamvu imene imatayika ngati kutentha mu kainveta, ankafika 12 kapena kuposerapo. Kumeneko ndi kukoka kopitirira ka 30 poyerekeza ndi muyezo uja. Batire la mtovu likakokedwa mwankhanza chotero limapereka pafupifupi theka la zimene zalembedwa pambali pake, kenako mavoti amatsika kufika cha m'ma 10 ndipo kabokosi kamadzizimitsa kuti kalitchinjirize. Kuchokera tsiku limenelo, ndikafuna kudziwa nthawi ya UPS yaing'ono iliyonse, ndimawerengera za papepala kenako n'kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo sindiphonya kwenikweni.

Za pulinta ndinena mwachidule, ngakhale anthu ambiri amagwera pomwepa. Ndinailumikizanso ku kabokosi poganiza kuti nayonso itetezeke. Tsiku loyamba kusindikiza, kabokosi kanalira mosalekeza, kanyali kofiira kanayaka, ndipo kompyuta inazima magetsi a pakhoma alipo. Pulinta ya leza imamatiza inki papepala ndi kutentha, ndipo chotenthetsera chake chikamayaka chimakoka mawati mazana angapo mwadzidzidzi, ngakhale pa pulinta yaing'ono ngati yanga. Pamwamba pa 120 aja, malire a 360 anadutsidwa pomwepo. Tsopano pulinta ili pa soketi yakeyake, kudzera pa ekisitenshoni yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Makina omatira mapepala ndi pulasitiki, ketulo, ayironi, fani yaikulu, zonsezi zisayandikire kabokosi. Pulinta ya inki yamadzi ndi nkhani ina, imakoka pang'ono ndipo ikhoza kukhalapo. Ngati UPS yanu ili ndi masoketi a mitundu iwiri kumbuyo, werengani zolembedwa pamenepo, chifukwa ena amakhala a batire ndipo ena amangoteteza koma magetsi akathima nawonso amathima.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi imfa ya batire loyamba, chifukwa ndinalipha ndekha ndisakudziwa. Magetsi akathima ndinkapitiriza kulemba mpaka kabokosi kayambe kulira mofulumira, kulira kwa komaliza kuja, ndipo pamenepo m'pamene ndinkasunga ntchito n'kuzimitsa. Masiku ena ndinkachita zimenezi kawiri, m'mawa ndi madzulo. Batire la mtunduwu analipangira kuti lizikhala lodzaza nthawi zonse, lizingogwira ntchito mwa apo ndi apo. Likamakhuthulidwa mpaka pansi nthawi iliyonse limapirira maulendo pafupifupi 200 basi, pamene lokhuthulidwa pang'ono n'kudzazidwanso limapirira maulendo ochuluka kangapo kuposa pamenepo. Vuto lachiwiri linali kudzaza. Katchaja ka m'kabokosi n'kofooka, kamafuna maola 6 mpaka 8 kuti kabwezeretse batire lokhuthuka. Chaka chija panali masiku amene magetsi ankabwera maola ochepa kenako n'kupitanso, ndiye batire linkalowa mu mdima wotsatira lili ndi theka, n'kugona usiku wonse lili lopanda kanthu. Batire la mtovu likakhalitsa chosadzaza, pa mbale zake za m'kati pamauma timiyala toyera ta salufeti tomwe sitisungunukanso, ndipo malo osungira mphamvu amacheperachepera.

Vuto lachitatu linali kutentha. Zaka 3 mpaka 5 zimene opanga amalonjeza amaziwerengera pa madigiri 20 mpaka 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 moyo wa batire umadulidwa pakati. Kachipinda kanga n'kamalata kopanda siling'i. Mu Okutobala masana, ukagwira khoma umamva kufunda. Kabokosi ndinali nditakakankhira pakona, pakati pa khoma ndi katoni ya mapepala, pomwe mphepo sinkafika n'komwe. Amene muli ku Salima, ku Mangochi kapena ku Chigwa cha Shire, nkhani iyi ikukhudzani kuposa ine.

Zizindikiro zinalipo koma sindinaziwerenge. Mphindi 14 zija zinatsika kufika 9, kenako 5. Kanyali kobiriwira kankayakabe bwinobwino, ndipo n'chimene chimapusitsa: kanyaliko kamangosonyeza kuti magetsi a pakhoma alipo, sikadziwa mphamvu yeniyeni ya batire. Patatha miyezi pafupifupi 8, magetsi anaphethira tsiku lina m'mawa, kabokosi kanangoti "tiii" kamodzi, ndipo zonse zinazima limodzi, chimodzimodzi tsiku lija ndisanagule.

Mnzanga uja anabwera ndi kamita kake koyezera mavoti. Tinazimitsa kabokosi, kukazula pakhoma, n'kumasula tizisikuluwu tinayi ta pansi. Batire linatuluka movutikira chifukwa mbali zake zinali zitatupa, ukalikhazika chammbali pa tebulo linkagwedera ngati mbale yopindika. Atayeza, kamita kanasonyeza 12.4, ine n'kunena kuti ndiye lili bwino. Iye anapukusa mutu, anatenga babu la galimoto la mawati 21 n'kulilumikiza ndi timawaya tiwiri. Pasanathe mphindi imodzi manambala anagwa kufika pansi pa 10, babu n'kuyamba kufiira ngati khala. Batire labwino lodzaza, litapuma, limasonyeza 12.8 kapena 13, ndipo babu lotere silingaligwetse pansi pa 12 m'kamphindi. Batire lakufa limathanso kusonyeza nambala yokongola likakhala chabe, ndiye muyezo wopanda katundu sunena zoona.

Apa pali chinthu chimene ndimauza aliyense: batire likafa, kabokosi sikanafe. Ndaona ma UPS ambiri atatayidwa m'makona a maofesi pomwe chofunika chinali batire lokha, lomwe mtengo wake ndi wotsika kuposa kabokosi katsopano. Pokagula lina, nyamulani lakalelo. Msinkhu wake ndi wodziwika, pafupifupi masentimita 15 m'litali, 6.5 m'lifupi ndi 9.5 kutalika, koma timalilime tolumikizira tilipo ta mitundu iwiri, topyapyala ta mamilimita 4.8 ndi totambalala ta 6.3, ndipo ma UPS ambiri amafuna totambalalato. Pemphani wogulitsa ayeze mavoti inu mukuona. Batire limene lakhala pashelefu miyezi yambiri osatchajidwa limakhala litayamba kale kuuma m'kati. Likasonyeza pansi pa 12.5, pemphani lina. Pobwezeretsa, waya wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, ndipo musakhudze china chilichonse m'katimo, chifukwa tizida tina timasungabe magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Batire lakale lili ndi mtovu ndi asidi, musalitaye kudzala kumene ana amatolako zoseweretsa. Lisiyeni kwa amene amagula mabatire akale.

Mnansi wanga wina anandilangiza kuti ndingochotsa kabatire n'kulumikiza batire la galimoto, akuti ndidzagwira ntchito maola atatu. Ndinamvetsa chifukwa chake ankatero, koma ndinakana, ndipo inunso ndikukupemphani kuti mukane. Kabokosi ka 650VA nthawi zambiri kalibe fani. Anakapanga podziwa kuti batire lake lidzatha m'mphindi zochepa, thiransifoma yake isanatenthe kwambiri. Mukakapatsa batire lalikulu, kadzasenza katundu kwa maola ambiri m'bokosi la pulasitiki lotsekeka, pafupi ndi mapepala. Katchaja kake nako sikangadzaze batire la 45Ah pa nthawi yake, kangafune masiku. Ndiponso batire la galimoto limatulutsa mpweya woyaka moto likamatchajidwa, silofunika m'kachipinda kotseka. Wofuna kugwira ntchito maola ambiri mumdima afunika inveta yeniyeni ndi batire lake loyenera, kapena laputopu, imene imadya pang'ono ndipo batire ili nalo kale. Imeneyo ndi ntchito ina, ya chida china.

Batire lachiwiri ndalisunga mosiyana. Magetsi akathima ndimadikira mphindi ziwiri, chifukwa nthawi zina amabwerera pomwepo. Akapanda kubwera, ndimasunga ntchito, kutseka mapulogalamu, kuzimitsa kompyuta mwadongosolo, kenako n'kuzimitsa kabokosi pa batani lake. Chomalizachi ambiri amaiwala. UPS ikasiyidwa yoyaka imadya batire lake ngakhale palibe cholumikizidwa, ndipo pofika madzulo imakhala itakhuthuka. Zonse pamodzi sizipitirira mphindi 5, ndiye batire limatsala ndi mphamvu yoposa theka, ndipo magetsi akabwera limadzaza msanga. Kabokosi ndinakachotsa pakona paja, kali pa kathabwa pansi pa tebulo, mbali zonse zili pamtunda kuti mpweya uzidutsa.

Chifukwa nthawi zina ndimatuluka kukalandira kasitomala pageti kompyuta ili yoyaka, ndinalumikizanso waya wa USB wochoka ku kabokosi. Pa ma UPS ena, Windows imaona kabokosiko ngati batire la laputopu. Ena amafuna pulogalamu yawoyawo yochokera kwa opanga, ndipo ena otchipa alibiretu polowetsa waya. Ngati kachizindikiro ka batire kaoneka pakona ya sikirini, tsegulani Control Panel, kenako Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, ndipo pansi pa Battery mupeza Critical battery level ndi Critical battery action. Ine pa mzere wa On battery ndinaika 50 pa loyambalo ndi Hibernate pa lachiwiri, kuti batire likafika theka kompyuta izisunga zonse zotsegula n'kugona yokha. Mu Word ndi Excel ndinatsitsanso nthawi ya Save AutoRecover information every kuchoka pa mphindi 10 kufika pa 2.

Kubwera kwa magetsi kumandidetsa nkhawa kuposa kuthima kwake. Ana a m'mudzi muno akakuwa kuti "Ayaka!", mafiriji, mapampu ndi makuka a dera lonse amayambira limodzi, ndipo mavoti amakwera n'kutsika kwa kanthawi. Nthawi zina amayaka masekondi ochepa n'kuthimanso. Ndiye sindithamangira batani. Ndimasiya mphindi 5 kapena 10 zidutse, n'kuyatsa kabokosi kaye, n'kumvetsera. UPS yanga ndi ya mtundu umene uli ndi chowongolera mavoti, pa katoni amalemba AVR: magetsi akabwera ofooka imawakweza, akabwera amphamvu imawatsitsa, osakhudza batire. Ikamachita zimenezi mumamva kulira kwa "tcha, tcha" m'kati. Kamodzikamodzi si vuto. Koma ikamangoliralira chotero madzulo anthu akuphika, kapena ikamasinthira ku batire mababu akuyaka, ndiye kuti magetsi atsika kupitirira malire ake, ndipo ndi bwino kudikira kusiyana n'kulola batire lizikhuthuka osadziwa. Mu BIOS ya kompyuta, pamene timalowa poiyatsa Windows isanatseguke, ndinasinthanso Restore on AC Power Loss kukhala Power Off, kuti isamadziyatse yokha magetsi akangobwera. Pa makompyuta ena dzina la malowa limasiyanako pang'ono.

Za mphenzi musanyengedwe ndi zolemba za pa katoni. Kachitetezo ka m'kabokosi kamameza kukwera kwa magetsi kwapang'ono, ndipo kuti kagwire bwino ntchito pafunika waya wa ethi, uja wolumikiza nyumba ndi nthaka, akhale wamoyo. Kwathu amisiri atayeza anapeza kuti phini lachitatu la soketi ya m'kachipinda silinalumikizidwe kulikonse, waya wobiriwira ndi wachikasu anangopindidwa kuseri. Anakonza tsiku lomwelo. Komabe mvula ya mabingu ikamabwera kuchokera ku Dowa, ndimazula pulagi ya kabokosi pakhoma, n'kuzulanso waya aliyense wochokera panja wopita ku rauta.

Rauta ndinaichotsa pa kabokosi. Imadya mawati 10 okha pa mavoti 12, ndiye kunali kutaya mphamvu kukweza 12 ya batire kufika 230 kuti adaputa aitsitsenso kubwerera pa 12. Ndinaigulira kabatire kakekake ka lifiyamu kotulutsa mavoti 12 mwachindunji, kamene kamaisunga maola angapo, ndipo foni imakhalabe pa intaneti kompyuta itagona. Ongofunika kusamala ndi mavoti, chifukwa marauta ena ndi a 9, komanso kukula kwa kapulagi kozungulira kaja.

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimayesa kabokosi. Ndimasunga ntchito yonse kaye, kenako ndimazimitsa swichi ya pa soketi ya pakhoma. Pulagi sindizula, kuti waya wa ethi akhalebe wolumikizika. Ndimayang'ana wotchi kwa mphindi 3, ndikuona kuti batire latsika bwanji pa sikirini, n'kuyatsanso swichi. Kawiri pa chaka ndimachotsa kaye Hibernate ija n'kulola kuti lipite mpaka kulira kwa komaliza, ndipo nambala yake ndimailemba ndi cholembera pa kapepala komata pamwamba pa kabokosi. Batire ili litangolowa linapereka mphindi 15. Poyesa komaliza linapereka 11. Likadzafika 7 ndidzagula lina lisanandigwetse, ndipo ndalama yake ndayamba kale kuika padera mu envelopu ya m'diloo.